Kubwereza nkhani ya ngozi: kodi si kutosa bala?

"Achimwene, minibasi yomwe ndinakwera inagubuduzika pafupi ndi Lumbadzi. Mkono unathyoka koma unapola. Papita miyezi 5, ndimalotabe ngoziyo, ndikamva kulira kwa mabuleki thupi lonse limanjenjemera, ndipo minibasi sindikweranso. Mlangizi wa kuchipatala akuti tizikambirana za tsikulo mobwerezabwereza. Kumeneku si kutosa bala?" Mayi wa ku Kawale

Mayi, mlangiziyo sakulakwa, bola ngati akuchita mwadongosolo. M'masabata oyamba ngozi itachitika, kulota ndi kudzidzimuka si zachilendo ayi, ndipo anthu ambiri zimawathera zokha. Zikapitirira mwezi n'kumasokoneza tulo, ntchito ndi maulendo, madokotala amaganizira za vuto la m'maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, lomwe amalitchula mwachidule kuti PTSD. Chomwe chimalikhalitsa kwambiri ndi kupewa. Tsiku lililonse mukasiya minibasi n'kukwera kabaza, mtima umakhala m'malo, koma ubongo umaphunzira zolakwika: "ndapulumuka chifukwa sindinakwere." Mpata woona kuti ngozi ija inatha sumaupatsa.

Chithandizo chake nthawi zambiri chimatenga maulendo 8 mpaka 12, kamodzi pa sabata, ndipo ulendo uliwonse ndi wa mphindi 60 mpaka 90. Njira yomwe mlangizi wanu akunena ikufanana ndi imene anaikonza Edna Foa wa ku Amereka. Maulendo awiri oyamba simulowa m'kati mwa nkhaniyo. Amakufunsani za tulo, za mowa, ngati munamenyetsa mutu pa ngoziyo, ngati mumaganizapo zodzipha. Kenako mumapanga limodzi makwerero a zinthu zomwe mumaziopa, chilichonse n'kuchipatsa nambala ya mantha kuyambira 0 mpaka 100.

Tiyerekeze anu atuluka chonchi. Kuima pa siteji n'kumaonerera maminibasi, 30. Kukhala m'minibasi yoima pa depoti ikudikira kudzaza, 50. Kukwera ndi mchemwali wanu kuchoka ku Kawale kufika m'tauni, 65. Kukwera nokha, 80. Kudutsa pamalo pangozi paja pa msewu wa M1, 95. Mumayamba ndi cha 30, tsiku ndi tsiku, ndipo simuchoka mantha ali pamwamba. Mumakhala pomwepo mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka atsike pafupifupi ndi theka. Mukathawa ali pa 70, mwaphunzitsanso ubongo phunziro lakale lija. Pali kathawidwe kena kobisika: kukwera koma mutatsinzina njira yonse, kapena mutatseka makutu ndi nyimbo za pafoni. Muuzeni mlangizi mukamatero. Ndipo pamakwererowa saikapo zoopsa zenizeni. Dalaivala akanunkha kachasu, tsikani ngati wina aliyense.

Tsono gawo lomwe mukuliopalo, limene limayamba cha pa ulendo wachitatu. Mumafotokoza ngoziyo ngati ikuchitika panopa: "ndakhala kumbuyo, ndikumva tayala likuphulika, mayi wa pambali panga akukuwa." Mumatero kwa mphindi 30 mpaka 45, mukafika kumapeto n'kuyambiranso, mlangizi akumafunsa nambala ya mantha. Amajambula mawu anu pafoni kuti muzikamvetsera kunyumba. Chifukwa chake n'chakuti chimene chavulala ndi kakumbukidwe: nkhaniyo inasungika mu tizidutswa, phokoso apa, fungo la petulo apo, popanda mathero. Kuibwereza mwatsatanetsatane kumailumikiza mpaka imakhala chinthu chomwe chinachitika kale.

M'maulendo apakati mumaima pa kanthawi kowawitsitsa. Kawirikawiri si kugubuduzika kwenikweniko, koma ganizo lomwe linabwera pamenepo, monga "ndafa, ana anga atsala okha," kapena "ndikanatsika nditangoona akuthamangitsa." Mlangizi amakuthandizani kulowetsamo zomwe mukudziwa lero, kuti ana munawapeza madzulo ake, ndiponso kuti nthawi imeneyo simukanadziwa kuti tayala liphulika.

Anthu ena maloto amawachulukira m'masabata oyamba. Zimenezo pazokha si chizindikiro chakuti zakanika. Chomwe ine ndingakayikire ndi mlangizi wongokuuzani kuti "fotokozani zonse" tsiku loyamba, popanda makwerero, popanda nambala, popanda ntchito yakunyumba. Uko ndiye kutosa bala. Mufunseni kuti maulendo akhala angati ndipo adzadziwa bwanji kuti mukuchira. Ngati pofotokoza mukumasowa kuti muli kuti, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, nenani tsiku lomwelo kapena pitani kuchipatala monga cha St John of God ku Area 43, musadikire ulendo wotsatira.

Za mapiritsi ogonetsa: mu 2013 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mankhwala a gulu la dayazepamu asaperekedwe pofuna kuchepetsa nkhawa kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba ngozi itachitika. Amazolowereka msanga ndipo kupewa kuja sakuthetsa. Ngati mwakhala mukumwa usiku uliwonse, musasiye mwadzidzidzi. Dokotala azikuchepetserani pang'onopang'ono.