Popereka khasu ndi tambala pa chinkhoswe, munene chiyani?

"Mwana wa mchemwali wanga ali ndi chinkhoswe ku Kawale mwezi wamawa, ndipo abale andisankha ine kuti ndikayankhule popereka katundu wakuchimuna. Sindinayambe ndayankhulapo pagulu. Ndikanene chiyani kuti ndisakachititse manyazi mtundu?"

Amalume, yambani mwaiwala za gululo. Anthu adzadzaza mipando, zimkuzamawu zidzalira, koma inu mukuyankhula ndi munthu mmodzi: nkhoswe yakuchikazi. Thupi lanu liyang'ane iyeyo. Ambiri amene ndawaona akusokonezeka amatembenukira kwa anthu n'kuyamba kusaka nthungululu, mapeto ake n'kulalikira za banja kwa mphindi makumi awiri khasu lili pansi.

Katunduyo mukumudziwa: khasu, nkhwangwa, chikwanje ndi tambala. Mabanja ena amawonjezera mkeka kapena zitenje, ndiye mukumane ndi akuchikazi kusanafike tsikulo mugwirizane, chifukwa nawonso adzabweza ndi zawo monga lichero, mthiko, mtondo ndi munsi, komanso nkhuku yathadzi. Za ndalama, kaya chamlomo kaya chilichonse chimene anatchula, muthane nazo kuseri ankhoswe okhaokha. Zisalowe m'mawu anuwa. Kwathu kuno kwa Achewa mkazi satuluka mu mbumba ya kwawo, mwini wake amakhalabe malume ake. Choncho mawu akuti "talipira" kapena "tamutenga" asatuluke pakamwa panu ngakhale mocheza. Katunduyu si mtengo wa mwana wa eni. Chilichonse mwa zinthuzi ndi lonjezo limene mnyamata akupanga anthu akuona, ndipo inu ndinu mboni imene adzaigogodere usiku zinthu zikavuta.

Mukaimirira, perekani ulemu kuyambira kwa amfumu ngati alipo, kenako atsogoleri a mpingo, makolo akuchikazi, n'kumalizira ankhoswe anzanu. Dzitchuleni mwachidule, kuti ndinu malume ake a mnyamata ndi kumene mwachokera, mudzi ndi mfumu yake. Mukatero munene chimene mwadzera, mwina motere:

"Zikomo akuchikazi. Mwana wathu anaona mbeta pakhomo panu pano, tinabwera kudzafunsira, inu simunatibweze. Lero tabwera masana kuti aliyense aone. Sitinabwere chimanjamanja."

Apa ndiye pamene pagona luso. Chinthu chimodzi, mawu ake, n'kupereka ndi manja awiri, n'kudikira alandire musanatole china. Pakhale mnyamata pambali panu wokupatsirani. Mutanyamula khasu munganene kuti: "Khasu ili likutanthauza kuti mwana wanu sadzagona ndi njala. Ngakhale mnyamatayu amagwira ntchito mu ofesi, kulima kwake n'komweko." Chiganizo chachiwiricho n'chofunika m'tauni muno, chifukwa aliyense akudziwa kuti mkamwiniyo alibe munda ku Kawale. Pa nkhwangwa munene za nkhuni ndi mitengo ya denga, kuti mkazi sadzasowa pogona kapena pophikira. Pa chikwanje munene za kulambula pakhomo ndi kutsegula njira.

Pa chikwanjepo samalani. Ndinali pa chinkhoswe china ku Chinsapo pamene woyankhula anachikweza m'mwamba n'kunena kuti n'cholangira mkazi akachita mwano. Anyamata kumbuyo anaseka. Azakhali a mtsikana sanaseke, anangokonza chitenje n'kuyang'ana pansi, ndipo nkhoswe yakuchikazi inasiya manja m'mbuyo osalandira. Mwambo unaima kufikira akuchimuna atapepesa. Nthabwala ikhalepo ndithu, koma iziluma mwana wanu yemwe, monga kunena kuti chikhalireni sanagwirepo mpini ndipo matuza ayamba mawa.

Tambala abwere pomaliza. Akhale wamoyo, wamkulu bwino, womangidwa miyendo, ndipo musamutsekere m'buti ya galimoto kuyambira m'mawa dzuwa lili phwee, chifukwa palibe mawu okongoletsa nkhuku yolefuka. Pomupereka nenani kuti nayu tambala wathu, kuyambira lero adzilira pakhomo panu, ndipo akalakwa musamuponye mwala, mutiitane ife. Pamenepo mutchule ankhoswe akuchimuna mmodzimmodzi, aimirire anthu awaone nkhope, makamaka wamng'ono amene adziyenda pakabuka nkhani, uja akuluakulu amamutcha mkupamame.

Zonsezi zisapitirire mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Malangizo a m'nyumba si anu tsikuli, alipo anthu ake. Ngati mukuopa kuiwala, lembani mayina a anthu ndi mudzi pakapepala, poti kulakwitsa dzina la mfumu ya eni kumawawa kuposa chibwibwi. Zinazo musawerenge, katundu amene ali m'manja mwanu adzikukumbutsani yekha chonena. Mukamaliza nenani kuti "Tathera pomwepa, mawu tasiya kwa inu akuchikazi," muombe m'manja mwaulemu, mukhale pansi kudikira thadzi.