Kusintha deti pa posita ya girediyenti popanda chigamba kuoneka

"Akuluakulu thandizeni. Posita ya ukwati wa achemwali anga tasintha tsiku, kuchoka pa 14 kupita pa 21, koma amene anapanga dizaini anapita ku Joni ndi laputopu yake, ine ndili ndi JPG yokha ya pa WhatsApp. Kumbuyo kwa zolembazo kuli pepo wopita ku ofiirira. Ndikatenga kala ndi Eyedropper n'kupakapo pakumatsala chigamba chooneka ngakhale uli patali. Ndikulakwitsa pati? Ndili pa Dedza boma."

Achimwene, Eyedropper yanuyo sikunama ayi, koma mukuifunsa kadontho kamodzi pamene malo mukufuna kuphimbawo ali ndi makala ambirimbiri. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndiye Photoshop mukangoiika kumene Eyedropper imakhala pa Point Sample, kutanthauza kuti imawerenga kapikiselo kamodzi basi. Pa JPG zimenezo ndi juga, chifukwa JPG imapanikiza chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 mulitali 8 mulifupi, WhatsApp n'kudzapanikizanso kachiwiri, ndiye timadontho toyandikana sitifanana olo m'maso mukuona ngati ndi pepo mmodzi. Pafupi ndi zilembo mpamene pamakhala ponyansa kwambiri, zumani mpaka 800% muone, mupeza kautsi kozungulira chilembo chilichonse. Mukatapa kala pamenepo mwatapa zinyalala.

Ndiye dinani I, pamwamba pali Sample Size, sinthani muike 11 by 11 Average. Ikatero imawerenga mapikiselo 121 n'kukupatsani kala yapakati. Musakwere mpaka 51 kapena 101 ayi, pa girediyenti, kala yosintha pang'onopang'ono ngati yanuyo, mukhala mwasakaniza zapamwamba ndi zapansi. Pa Sample ikani All Layers, apo ayi mukakhala pa leya yopanda kanthu mudzangodabwa sikutola chilichonse. Ngati mulibe Photoshop, GIMP ndi yaulere ndipo Color Picker yake ili ndi Sample average, ntchito yake ndi yomweyo.

Kenako dziwani kaye komwe girediyentiyo ikulowera, musapenekere ndi maso. Tsegulani Info ndi F8, yendetsani mausi kuchoka kumanzere kupita kumanja pamalo opanda zolemba uku mukuyang'ana manambala a R, G ndi B. Akangogwedera ndi 1 kapena 2 ndiye kuti chopingasa kala sikusintha. Yendetsaninso chotsika. Kumene manambala akukwera kapena kutsika osabwerera, ndi komwe ikulowera.

Ndikupatseni chitsanzo cha posita ya kwaya ina ya ku Ntcheu kuno yomwe ndinakonza, vuto lake linali ngati lanuli. Mzere wa deti unali wotalika mapikiselo pafupifupi 120 kuchoka pamwamba kufika pansi, girediyenti yotsika. Ndinatapa katatu, pamwamba pa zilembo pang'ono, pansi pake pang'ono, ndi pakati koma chakumbali kumene kulibe zolemba, paliponse ndikutalikira zilembo ndi mapikiselo ngati 15 kuthawa kautsi kaja.

```
pamwamba  90, 42, 130   #5A2A82
pansi     126, 58, 110  #7E3A6E
pakati    108, 50, 120  #6C3278
```

Taonani apa. 90 kuphatikiza 126 n'kugawa pawiri ndi 108. 42 ndi 58 pakati pake ndi 50, 130 ndi 110 pakati pake ndi 120. Zikagwirizana chonchi, olo zitaphonyana ndi 2 kapena 3, ndiye kuti kala ikusintha mofanana ndipo makala awiri akukwanirani. Koma mukayembekezera 108 n'kupeza 118, dziwani kuti mwini dizaini anaika kala yachitatu penapake kapena pali kuwala kwina, ndiye ya pakatiyo muiikenso mu girediyenti yanu ngati poima pachitatu. Anthu ambiri sitepe imeneyi amaidumpha, n'chifukwa chake chigamba chawo chimalumikizana bwino m'mphepete koma pamimba n'kutuwa.

Tsopano pangani leya yatsopano, osapaka pa chithunzi chenichenicho. Sankhani bokosi loyambira ndendende pamene munatapa kala yapamwamba kufika pamene munatapa yapansi, dinani G kuti mutenge Gradient Tool, ikani makala awiri aja, chongani Dither, kokani kuchokera m'mphepete mwa bokosi pamwamba kufika m'mphepete pansi mutagwira Shift kuti mzere usapendeke. Mukayambira kunja kwa bokosi makala onse asuntha ndipo chigamba chibwereranso. M'mbali mwake fewetsani ndi masiki ndi bulashi yofewa, kungokhudza pang'ono.

Mukatero muona kala yagwirizana koma pamalopo pakuoneka posalala mopitirira, ngati pozira chatsopano pakhonde lakale. Chifukwa chake n'choti chithunzi chonse chili ndi timchenga ta JPG koma panu mpoyera. Pitani Filter > Noise > Add Noise, Gaussian, chongani Monochromatic, yambani ndi 1%, kawirikawiri simudutsa 2.

Ngati kumbuyoko si kosalala, kuli maluwa kapena ulusi ngati nsalu kapena mizere ya thabwa, girediyenti payokha siikwanira, pamafunika Clone Stamp. Apa lamulo ndi limodzi, pa girediyenti yotsika tapani ndi Alt chakumbali pa mzere womwewo, osati pamwamba kapena pansi, chifukwa mukatenga chapamwamba mwabweretsa pepo pamalo pofiirira. Muzisintha potapa pafupipafupi kuti kaduwa kamodzi kasaoneke katatu motsatana. Healing Brush ine sindiikonda zilembo zikadalipo, imakoka kala ya chilembo n'kuipaka ngati matope. Content-Aware Fill imayesetsa, koma musanaidine kuzani selekishoni yanu ndi Select > Modify > Expand, mapikiselo 3 kapena 4, apo ayi mzukwa wa 14 uja udzatsala ukuoneka kuseri kwa 21.

Kala ya zilembo nayo ndi msampha. Pa posita ya kwaya ija ndinkalumbira kuti ndi zoyera, nditatapa ndinapeza #F4E9C8, kirimu. Ndikanaika #FFFFFF deti ikanawala kuposa mawu ena onse. Apa 11 by 11 yakula, bwererani pa 3 by 3 Average, zumani, tapani pakatikati pa chilembo chonenepa kwambiri mu mzere womwewo, chifukwa mapikiselo a m'mphepete amakhala osakanikirana ndi kala yakumbuyo. Mukalemba chatsopanocho chioneka chakuthwa kuposa zinzake, chipatseni Gaussian Blur ya 0.3 kapena 0.5. Ndipo inu muli ndi mwayi, 1 alipo kale mu 14, ngati chaka chalembedwa ndi fonti ndi saizi yomweyo 2 mumupeza momwemo. Fonti ikakusowani lembaninso mzere wonse wa deti ndi ina yofananako, kusiyana n'kusakaniza mafonti awiri mu nambala imodzi.

Musanathamangire kukapulinta, ikani Levels pamwamba pa maleya onse, kokerani timivi takuda ndi toyera tija pafupi ndi pakati mpaka chithunzi chinyanse. Chigamba chilichonse chobisala chimatulukira pamenepo. Chikaoneka bwererani mukonze, chikapanda kuoneka fufutani Levels ija. Maso okha musawakhulupirire, makamaka ngati Night light ndi yoyaka, sikirini imakhala yachikasu.

Sevani PSD musunge, yokapulintayo itulutseni PNG, ndipo potumiza kwa opulinta pa boma paja itumizeni ngati Document, mukaitumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp iipanikizanso. Komanso funsani achemwaliwo mwina mufoni mwawo muli kope yomwe inabwera ngati Document poyamba paja, muyambire imeneyo m'malo mwa yomwe yazungulira m'magulu.