Zambiri zalowa, koma randi yatsika

"Achimwene, mwezi watha alamu anu atatumiza kuchokera ku Joni ndinalandira K190,000, mwezi uno K230,000. Koma iwo akuti taluza. Taluza bwanji poti zabwera zambiri?"

Eee achemwali, ndamva, pepani ndinali pa njinga kuchokera ku Namwera. Alamu akunena zoona. Tsegulani kakyuleta ya pa foniyo tiwerengere limodzi.

Musayambe ndi makwacha, yambani ndi marandi. Ndawafunsa alamu, akuti mwezi watha anatumiza R2,000, mwezi uno R2,500. Ndiye tengani zimene munalandira mugawe ndi marandi amene anatumizawo. 190,000 kugawa ndi 2,000, ikupatsani 95. Ndiye kuti randi imodzi inakubweretserani K95. Ya mwezi uno, 230,000 kugawa ndi 2,500, ikutuluka 92. Mwaona? Pa randi iliyonse pachoka K3.

K3 imaoneka yochepa, ngakhale switi siyigula, koma ichulukitseni ndi marandi onse a mwezi uno. 3 kuchulukitsa ndi 2,500, ndi K7,500. Kapena tinene chonchi, mtengo ukanakhala wakale uja wa 95, mukanalandira K237,500, koma m'manja mwalowa K230,000. K40,000 yoonjezerayo yabwera chifukwa alamu anadzimana n'kuwonjezera R500, ndi thukuta lawo limenelo, osati mtengo wa randi.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi apa. Mtengo umene mumamva pa wailesi si umene umakufikani. Otumiza ndalama aja amakhala ndi mtengo wawo, amadulanso ina yotumizira, kenako inu mukapita pa ejenti pa boma paja kukatapa, pamachokanso ina. Ndiye mukafuna chilungamo chenicheni, afunseni alamu marandi onse amene atuluka m'thumba mwawo, kuphatikiza yodulayo, inu muwerenge zimene mwagwira m'manja mutatapa. Mugawe ziwirizo. Ndipo muzichita mofanana miyezi yonse, chifukwa mukawerengera yodulayo mwezi uno wokha, muona ngati mwaluza kwambiri pamene si choncho.

China chimene chimandiwawa ine. Mukukumbuka Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti? Dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Amene analandira za kunja masiku amenewo anasangalala, makwacha anachuluka, koma posakhalitsa simenti, shuga, mafuta, zonse zinakwera. Ndiye poti ndalamazi ndi za nyumba ija ya ku M'baluku, muzigawanso zimene mwalandira ndi mtengo wa thumba la simenti tsiku limenelo. Matumba akachepa pa marandi omwewo, mwaluza, ngakhale meseji ionetse makwacha ambiri.

Mameseji aja musafufute. Gulani kope laling'ono, muzilemba tsiku, marandi, makwacha ndi mtengo wa simenti. Loweruka ndibwera, tidzawerengere ya miyezi yam'mbuyo ija. Apatseni moni amayi.