Pa chitseko alemba 230 kPa, geji ikuwerenga psi: tayala ndipope kufika pati?

"Abale, ndagula galimoto yochokera ku Japani. Pa kapepala kapachitseko alemba 230 kPa kutsogolo, 220 kPa kumbuyo. Mnyamata wokonza matayala kuno ku Ulongwe geji yake ndi ya psi, ndiye wangoika 40 matayala onse anayi. Pa tayala penipeni ndikuona 44 PSI. Nditsatire iti? Loweruka ndikutsikira ku Tete."

Achimwene, 40 yachuluka. Mawa m'mamawa, galimoto isanayende, phwetsani mpaka geji ya psi iwerenge 33 kutsogolo, 32 kumbuyo. Manambalawa achokera apa.

Mpweya wa m'tayala umayezedwa mu kPa, mu psi kapena mu bar. Pakati pa bar ndi kPa palibe masamu ovuta. Bar imodzi ndi 100 kPa ndendende, monga metikali imodzi ndi masentavo 100. Choncho 230 kPa ndi 2.3 bar, 220 kPa ndi 2.2 bar. Mukaona kwalembedwa 2,3 ndi koma m'malo mwa kadontho, ndi nambala yomweyo, kalembedwe ka Chipwitikizi chabe. Yovuta pang'ono ndi psi, chifukwa imachokera ku miyeso ya mapaundi ndi mainchesi, siigawika bwino ndi 10 kapena 100.

```
1 bar = 100 kPa = 14.5 psi
1 psi = 6.9 kPa = 0.069 bar
```

Tengani 2.3 bar muchulukitse ndi 14.5, mupeza 33.35, ndiye 33 psi. Kumbuyo 2.2 kuchulukitsa ndi 14.5 ikupereka 31.9, ndiye 32 psi. Zotsala pambuyo pa kadonthozo zisakuvutitseni mutu, geji ya singano siingazionetse n'komwe. Ngati foni ili kutali ndipo mnyamata wagwira kale paipi, gawani kPa ndi 7 m'mutu. 230 kugawa ndi 7 ikufika pafupi ndi 33, 220 kugawa ndi 7 ndi 31 n'kanthu, yaperewera pang'ono chabe pa 32. Pa galimoto yaing'ono njira imeneyi siiphonya ndi psi yathunthu. Pa matayala a lole, omwe amafika 700 kPa kapena kuposa, gwiritsani 14.5 ija chifukwa kuphonyako kumakula.

Tsopano tibwerere m'mbuyo ndi 40 ya mnyamata uja. Kugawa 40 ndi 14.5 tikupeza 2.76 bar, kutanthauza 276 kPa. Kutsogolo mwapitirira ndi 46 kPa, kumbuyo ndi 56 kPa, komwe ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya womwe opanga galimoto anafuna. Tayala silingaphulike ndi zimenezi lero, koma limatukumuka pakati, mbali zake n'kusiya kugwira msewu mokwanira. Mudzamva galimoto ikudumphadumpha pa msewu wafumbi wokumbika, mabuleki sadzagwira bwino mvula ikanyowetsa phula, ndipo pakapita miyezi mudzaona mizere yapakati pa tayala yatha pomwe yam'mbali idakali yakuya. Kudyeka kwa pakati pokha ndiye chizindikiro cha mpweya wochuluka. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri, pakati pali bwino, dziwani kuti lakhala likuyenda lophwa.

Za 44 PSI mukuiona pa tayalayo, yang'anitsitsani mawu oyandikana nayo. Kawirikawiri pamalembedwa MAX PRESS 300 kPa (44 PSI). Amenewo ndi malire a tayala, mpweya womwe simuyenera kupitirira popopa lili lozizira. Wopanga tayala sadziwa kuti lidzavalidwa pa galimoto yolemera bwanji. Wodziwa kulemera kwa galimoto yanu ndi amene anamata kapepala kapachitseko, ndiye tsatirani kameneko malinga ngati kukula kwa matayala anu ndi komwe kalembedwa pamenepo.

Pamene anthu ambiri amasokonezekera si pa masamu ayi, koma pa nkhope ya geji. Geji ya singano nthawi zambiri imakhala ndi mizere iwiri ya manambala, wina kunja wina m'kati, mwina wakuda ndi wofiira. Singano imodzi imaloza manambala awiri nthawi imodzi. Munthu akamva "ikani 30" n'kuyang'ana mzere wolakwika, amakankha singano kufika pa 3.0 ya bar, yomwe ndi 43.5 psi. Pomwe 30 psi yeniyeni ndi 2.07 bar basi. Musanalumikize paipi, werengani chomwe chalembedwa pa mzere uliwonse. Ngati zilembo zinafufutika, kukula kwa nambala kukuuzani: pa galimoto yaing'ono, 2 n'kanthu ndi bar, za m'ma 30 ndi psi, za m'ma 200 ndi kPa. Geji yolembedwa lb/in² ndi psi yomweyo. Palinso kgf/cm², yomwe imapezeka pa mageji akale ndi pa timapepala ta galimoto zambiri za ku Japani, m'mbali mwa kPa. Imodzi yake ndi 0.98 bar, ndiye 2.3 ya kgf/cm² mutha kuitenga ngati 2.3 bar osadandaula.

Ulendo wanu wa Loweruka uli ndi msampha wina. Manambala onse apachitseko ndi a tayala lozizira, galimoto itaima maola atatu kapena itangoyenda makilomita awiri pang'onopang'ono. Mpweya ukatentha umakankha kwambiri, pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse. Mukanyamuka ku Angonia kuli chisanu cha m'mawa, n'kutsika kudutsa Moatize dzuwa lili paliwombo, pofika ku Tete geji itha kuonetsa 36 kapena 37 psi m'malo mwa 33. Apa chonde musalole munthu aphwetse kuti "ibwerere pa 33". Mukatero, tayala likazizira usiku litsikira pa 29 kapena 30, ndipo pobwerera mudzakwera mapiri ndi matayala ophwa. Pa zolakwa ziwirizi, kuphwa ndiko ndimakuopa kwambiri. Tayala lophwa limapindikapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, nsambo zam'kati zimayamba kulekana ndi labala, kenako limaphulika galimoto ili pa liwiro. Mukakakamizika kupopa matayala ali otentha, onjezani 0.2 kapena 0.3 bar pamwamba pa nambala yapachitseko, yomwe ndi 3 kapena 4 psi, mudzayezenso m'mawa.

Ngati mukunyamula anthu odzaza ndi matumba a kachewere kumbuyo, onaninso kapepala kaja kapena buku la galimoto. Zina zimapereka nambala yachiwiri ya katundu wodzaza, ndipo imasinthidwa chimodzimodzi: ngati alemba 250 kPa, ndi 2.5 bar, ndi 36 psi. Tayala lapadera nalo liyezeni. Ngati ndi kaja kakang'ono kopyapyala kobwera ndi galimoto za ku Japani, kamafuna 420 kPa, pa bar ndi 4.2, ndipo pa iko komweko amalemba 60 PSI. Ambiri amakaika 32 ngati anzake, tsiku la ngozi n'kukapeza kosathandiza.

Masamu akhoza kulondola koma geji n'kunama. Geji yapamsewu yomwe imagwa pansi tsiku ndi tsiku itha kuphonya ndi psi zingapo. Ionetsetseni isanalumikizidwe: singano ikhale pa 0. Ngati yaima pamwamba pa 0, kapena ikuchita kugogodedwa ndi chala kuti isunthe, musaikhulupirire. Gulani kageji kanu, makamaka ka manambala komwe kali ndi batani losinthira bar, kPa ndi psi, mukaike pa kPa kuti kazilankhula chimodzimodzi ndi chitseko chanu. Pokanikiza pa valavu, mukamva mpweya ukuti fwii, kamwa ya geji sinakhale bwino ndipo nambala ituluka yotsika. Chotsani, kanikizaninso mowongoka mpaka phokosolo lithe, kenako werengani.