Mtedza wa chuku sudutsa malire, ndipo usalowe mumphika

“Mayi, ndikufuna kuyamba kupikula mtedza ku Jali ndi ku Mayaka n’kumakagulitsa kunja ngati mmene mumachitira inu. Ndamva kuti katundu amabwezedwa chifukwa cha chuku. Kodi ndingachidziwe bwanji, nanga woipa wosankhidwayo ndingamugulitse motchipa konkuno?”

Mwanangu, za mapepala ndi za pachipata cha Mwanza tidzakamba tsiku lina. Phindu la geni imeneyi limapezeka kapena kutayika pamene mukumasula thumba pamsika, musanalipire.

Musamakhutire ndi mtedza wa pakamwa pa thumba, chifukwa aliyense amaika wabwino pamwamba. Tiyerekeze kuti mwapeza matumba khumi a mtedza wa mtundu wa CG7 a makilogalamu 50 ku Jali. Sankhani nokha matumba atatu, osati amene wogulitsa akukulozerani, muwakhuthule palona, mutape wapakati ndi wapansi. Poyamba nunkhizani. Mtedza wabwino umanunkhira mtedza, pamene wa chuku umamveka fungo la chinyezi, ngati la chovala chimene chapindidwa chisanaume. Kenako lumani njere imodzi yooneka bwino. Wouma umathetheka, koma ukamanyung’unyuka m’mano ndiye kuti muli madzi. Izi n’zofala kwambiri chifukwa anthu ambiri amawaza madzi pamakoko kuti afewe posenda, ena amatero kuti katundu alemere pasikelo. Mtedza wotere ukhoza kuoneka bwino lero, koma ukakhala masiku m’thumba lomanga, pagalimoto yotentha, umafika kwa wogula utayanga chuku.

Mukatero ikani mtedza wodzaza manja awiri m’lichero, mukhale poyera pali dzuwa. Muziyang’ana njere zokwinyika, zakuda, zamawanga, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, ndi zimene kakhungu kake kofiira kasuluka. Chachikulu n’kung’amba njerezo pakati, ngakhale zina zooneka zabwino, popeza chuku chimakonda kubisala pakati pa mbali ziwiri za njere. Mukaona kafumbi kobiriwira kopita kuchikasu, kapena m’kati mwada m’malo mokhala moyera, ndi chomwecho. Ine ndikaona kafumbi kameneka m’matumba awiri mwa atatu aja, khumi onsewo ndimawasiya, mtengo utsike bwanji. Ngati vuto ndi njere zochepa zokwinyika koma mtedza ndi wouma, ndimagula, n’kukausankha ndi manja kunyumba, ndipo potsatsa mtengo ndimawerengera kale makilogalamu amene adzataike.

Chimanga n’chimodzimodzi. Yang’anani kamtima kake ngati kada kapena kabiriwira, njere zomatirirana, ndi ufa wa anankafumbwe pansi pa thumba, chifukwa pamene kachilombo kaboola ndi pamene chuku chimalowera.

Tsopano za wosankhidwayo. Ayi, musagulitse, musadye. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi. Munthu akamamudya pang’onopang’ono kwa zaka amatha kudwala khansa ya chiwindi, ndipo kwa ana amathandizira kupinimbira. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya m’chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Choopsa n’chakuti poizoniyu satha ndi moto wa pamafuwa. Kukazinga, kuphika, kutsuka kapena kuyanikanso padzuwa kukhoza kuchotsa kafumbi ndi fungo, koma iye amatsala m’njere momwemo.

Chimene chimandiwawa mtima n’chakuti mtedza wabwino timautumiza kunja, wosankhidwawo n’kupita kokasinja nsinjiro ndi chiponde, kumene diso silingaonenso kanthu. Nsinjirozo ndi zimene amayi amathira m’phala la mwana wongosiya kuyamwa. Ziweto nazo si kotayira: nkhuku zimafooka n’kuleka kuikira bwino, ndipo ng’ombe ikadya, poizoni amatulukira mumkaka. Kumbani dzenje lakuya loti nkhuku ndi nkhumba zisafukule, mukwirire, kapena muwotche. Njere zoipazo n’zochepa m’thumba, koma poizoni wambiri amakhala mwa izo, n’chifukwa chake kusankha kumathandiza kwenikweni.

Komabe diso lili ndi malire ake. Mtedza ukhoza kukhala woyera bwino koma uli ndi poizoni, makamaka umene unakumana ndi ng’amba utatsala pang’ono kukhwima, chifukwa chuku chimaulowa ukadali m’nthaka. Mayiko a ku Ulaya amalola magawo 4 okha pa biliyoni imodzi pa mtedza wodya anthu, mlingo umene palibe angauone ndi maso. Choncho wogula wanu akafuna chikalata cha kuyeza, tengani zitsanzo zochokera m’matumba osiyanasiyana, muzisakanize, mupite nazo ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre musanalipire galimoto. Podikira zotsatira, matumba akhale pamitengo, asakhudze pansi kapena khoma, m’chipinda chopita mphepo ndi chosadontha.