Masekondi 47 akwana koma kapasita sinadzaze, yafa?

"Ndinalumikiza kapasita ya 470 µF ndi rezisita ya 100 kΩ ku batire ya 9 V. Nditawerengetsa RC ndinapeza masekondi 47, koma atakwana mita imangoonetsa 5.7 V. Kodi kapasita yangayi ndi yakufa?"

Ayi achimwene, musaitaye, ili bhobho. Ndipotu 5.7 V ndi imene imayenera kuoneka. RC, kutanthauza rezisita kuchulukitsa ndi kapasita, imene amailemba τ n'kumaitchula kuti tau, si nthawi yodzazira ayi, ndi nthawi imene kapasita imakwera 63% ya mpata umene watsala kuti ifanane ndi batire.

Chimene chimakankha karenti pa rezisita ndi kusiyana kwa voteji ya batire ndi ya kapasita. Poyamba kapasita ili pa ziro ndiye 9 V yonse ili pa rezisita, karenti ndi 90 µA, manambala pa mita amathamanga. Ikafika 5.7 V pa rezisita pangotsala 3.3 V basi, karenti yatsika kufika 33 µA, ndiye ikamakwera karenti imachepa, karenti ikachepa kukwerako kumachedwanso, n'chifukwa chake gilafu yake imayamba mwa chiphiri kenako n'kumagona pang'onopang'ono.

`V = 9(1 − e^(−t/RC))`

Mukadikira masekondi ena 47 itenganso 63% ya 3.3 V yotsala ija, ndiye 2.1 V, mufika 7.8 V. Ena 47, pafupifupi 8.55 V. Pamasamu siifika pa 9 V penipeni mpaka kalekale, koma ikakwana 5τ, masekondi 235, imakhala pa 99% ndipo aliyense amangoti yadzaza.

Pokhuthula ndi zomwezo koma chadodolido. Chotsani batire, rezisita ija muilumikize kumiyendo iwiri ya kapasita:

`V = 9e^(−t/RC)`

Pakatha masekondi 47 pamatsala 37%, ndiye 3.3 V. Ine poyeza ndimakonda kuona nthawi imene voteji yatsika ndi theka, 0.693 × RC, apa masekondi 33. Kuchoka 8 kufika 4, 4 kufika 2, 2 kufika 1, sitopuwotchi ya pafoni izikupatsani nambala yomweyomweyo, ndipo zilibe kanthu kuti mwayambira pati.

Zikasiyana ndi pepala musathamangire kuimba mlandu kapasita. Za elekitirolitiki zambiri zimatha kuphonya mpaka 20% pa nambala yolembedwa pathupi pake, ndiye τ ya pakati pa masekondi 38 ndi 56 ilibe vuto. Mitanso imaba karenti: timamita totchipa tambiri tili ndi 1 MΩ mkati, ndipo ndi rezisita yanuyo voteji ikaima cha pa 8.2 V olo mudikire mpaka mawa, pomwe ya 10 MΩ ifika 8.9 V. Koma ikaima pa 6 kapena 7 V batire ili yabwino, apo nde kapasita ikudontha mkati, kapena mwaitembenuza miyendo. Onani mzere wa mainasi uli m'mbali mwakemo, mwendo umenewo upite ku negetivu ya batire.