Msuzi wa mafupa a chambo wavunduka: uyeretseni ndi zoyera za mazira

"Akuluakulu, ndimaphika pa loji ina kuno ku Senga Bay. Mawa kukubwera alendo ndipo abwana akufuna supu yoonekera mpaka pansi pa mbale. Ndaphika malita 4 a msuzi wa mitu ndi minga ya chambo koma watuluka wambuu. Ndasefa pansalu kawiri, sizikusintha. Ndinamva kuti mazira amathandiza. Nditani, kapena ndingotaya?"

Achimwene, musataye. Ngati fungo lake lili bwino ndipo sunasase, msuzi umenewo uyera ndithu. Supu imene abwana anuwo akufuna ndi ija ophika a ku France amaitcha konsome, ndipo njira yake yakale ndi yomweyi ya zoyera za mazira. Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri n'chakuti mazirawo alowe msuzi uli wozizira, kenako moto ukwere pang'onopang'ono. Ambiri amene amalephera amalepherera pamenepa.

Nsalu yakukanikani chifukwa zimene zavundula msuziwo n'zazing'ono kuposa timabowo ta nsaluyo. Ndi tizidutswa ta magazi ndi mnofu tomwe tinapsa n'kunyenyeka, pamodzi ndi timadontho ta mafuta tomwe tinaswekasweka poto atabwadamuka. N'topepuka moti sitikhazikika pansi, ndipo nsalu timangoidutsa. Ndiye pakufunika sefa ina imene ipangike m'kati mwa msuzi momwemo.

Choyera cha dzira pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi, gawo lotsalalo ndi mapuloteni. Dzira likakhala laliwisi, puloteni iliyonse imakhala yodzikulunga payokha ndipo imasungunuka bwinobwino m'madzi ozizira. N'chifukwa chake mukalitakasa mumsuzi wozizira limafika paliponse m'potomo. Kutentha kukamakwera, mapuloteniwo amafunyululuka, ndipo mbali zake zomata zomwe zinali zobisika m'kati zimatulukira kunja. Zimayamba kugwirana zokhazokha, komanso kumata kalikonse kamene kali pafupi. Samapsa onse nthawi imodzi ayi. Puloteni ina, yotchedwa ovotiransiferini, imayamba kugwirana kutentha kukangopitirira pang'ono madigiri 60. Yochuluka kwambiri, ovalibumini, yomwe ndi yoposa theka la mapuloteni onse a choyeracho, imadikira mpaka cha m'ma 80. Pakati pa 60 ndi 80 pamenepo ndi pomwe ntchito yonse imagwirika.

Inu ndinu a kunyanja, mumadziwa chilimira. Mapuloteni aja akagwirana amaluka ukonde wa maso ang'onoang'ono m'poto monse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukondewo ukamalimba umakokana n'kufinya madzi, ndipo mpweya ndi nthunzi zimaukweza pamwamba utanyamula zonse zimene unakola. Mchere, kukoma kochuluka ndi jelatini wa m'mafupa zimatsala, chifukwa zimenezo n'zosungunuka m'madzi. Mukathira dzira mumsuzi wotentha kale, limapsera pamalo pomwe lagwera lisanafalikire, ndipo mumangopeza zingwezingwe za dzira zikuyandama, msuzi ukadali wambuu.

Tsopano pa malita 4 anuwo. Choyamba muuziziritse msanga. Kutentha kwa ku Salima msuzi wa nsomba sukugona panja, choncho ikani poto m'beseni la madzi ozizira, muzisintha madziwo, kenako alowe m'firiji. Akazizira, yengulani mafuta onse apamwamba ndi supuni. Musachite ulesi pamenepa, chifukwa dzira limakola tizidutswa bwino koma mafuta ochuluka limawalephera.

Tengani mazira 8, kutanthauza zoyera ziwiri pa lita iliyonse. Lekanitsani dzira limodzilimodzi m'kapu musanaphatikize ndi anzake, kuti lina likasweka lisaononge onse. Chachikasu chisalowemo ngakhale pang'ono. M'chachikasumo muli mafuta, komanso muli chinthu chimene chimalumikiza mafuta ndi madzi, chomwe chija chimagwirizanitsa mayonezi, ndiye chikalowa chivundulanso msuziwo. Menyani zoyerazo ndi foloko mpaka zisiye kunanda ndipo pachite kathovu pang'ono. Musamenye mpaka kuuma ngati mukuphika keke, chifukwa thovu louma limangokhala pamwamba osalowerera.

Zoyera za mazira pazokha ziyeretsa, koma zimapita ndi kukoma kwina. Ndikulangizani muwonjezere magalamu 400 a mnofu wauwisi wa chambo, wopanda khungu, wodula mpaka kunyenyeka, anyezi mmodzi, karoti mmodzi ndi tomato awiri, zonse zodula tating'onoting'ono. Mnofuwo uli ndi mapuloteni akeake amene amathandizana ndi dzira, ndiponso umabweza kukoma. Kuwawasa kwa tomato kumathandiza dzira kugwirana bwino, ndipo kumapatsa supu kamtundu kagolide kokongola. Kampango ndi mlamba musagwiritse ntchito pano, zili ndi mafuta ambiri. Ena amathiramo makoko a mazira ophwanya. Ine sindiona chifukwa chake, dzira limagwira ntchito popanda makokowo, ndipo mazira ogula pamsika makoko ake sakhala aukhondo.

Sakanizani zonsezi m'mbale ndi makapu awiri a msuzi wozizira, kenako mukhuthulire m'poto muli msuzi wonse n'kutakasa bwino. Poto akhale wamtali, wochindikala pansi. Wotambalala amapangitsa choyandama, ukonde wa dzira uja ukakwera pamwamba, kukhala chopyapyala, chosachedwa kusweka.

Ikani pamoto wapakatikati, mthiko uli m'manja. Muzitakasa modekha, mthiko ukukhudza pansi, chifukwa dzira limamira n'kupserera, ndipo likapserera fungo lake silichokanso. Pa malita 4 zimatenga mphindi 10 kapena 15. Muziyang'ana msuziwo. Uyamba kuoneka ngati mwathiramo mkaka, ndipo pamenepo ambiri amachita mantha kuti aononga. Simunaononge. Mukaona timabulumwa totuwa tikukwera n'kuyamba kusonkhana pamwamba, chotsani mthiko ndipo musaubwezemonso. Ngati muli ndi choyezera kutentha, siyani kutakasa chikamafika pa 55 mpaka 60. Kutakasa kulikonse kuchokera apa kumang'amba chimene chikulukika, n'kumwazanso zonse zimene zinakoledwa.

M'mphindi zochepa pamwamba ponse pakhala chinthu chimodzi chochindikala, chotuwa, chosaoneka bwino. Chikangolimba chepetsani moto. Tengani supuni muboole bowo loti kapu ingalowe, chakumbali kwa poto. Bowolo ndi potulukira nthunzi kuti isaphulitse choyandamacho, komanso ndi poonera mmene moto ukuyendera. Chimene mukufuna ndi kathovu kamodzikamodzi kotulukira pabowopo, phwi, phwi, osati kubwadamuka. Msuzi wotentha umakwera, umadutsa m'choyandamacho, n'kutsikanso, ndipo ulendo uliwonse umasiyamo zotsalira. Ndiye dziralo limagwira ntchito kawiri, poyamba kukola pamene likupsa, kenako kusefa litapsa. Mukhoza kumatunga msuzi pang'ono pabowopo n'kumathira pamwamba mofatsa kuti pasaume n'kung'aluka.

Ngati magetsi athima ndipo muli pambaula, moto wa makala ndi umene ungakuvuteni, makamaka mwera ukamawomba. Phulani makala ena, otsalawo muwakankhire mbali imodzi ndi kuwaza phulusa pang'ono, tchingani khomo la mbaula ku mphepo, ndipo poto akhale moti moto ukhale pansi pa bowo lija. Musavundikire. Chivundikiro chimabisa zimene zikuchitika, ndipo poto wovundikira sachedwa kufufuma.

Msuzi wa nsomba mphindi 20 zakwana, kuwerenga kuyambira pomwe choyandama chalimba. Wa nkhuku umafuna 30 mpaka 45 kuti mnofu wake utulutse kukoma. Kuyesa kwake n'kosavuta: tungani pabowo muthire m'tambula yagalasi, muyang'ane chala chanu kuseri kwake. Mukachiona bwinobwino, zimitsani moto ndipo poto apume mphindi 10 osamugwedeza.

Posefa musapendeke poto. Yalani nsalu yoyera ya thonje pa sefa, yonyowetsa ndi kufinya, yotsukuluza bwino kuti isamveke sopo. Tungani ndi kapu kudzera pabowo, muzithira pang'onopang'ono. Nsaluyo musaifinye pomaliza ngakhale mukuona kuti mwatsala msuzi, chifukwa chotuluka pofinya ndi chimbuu chomwe chija. Kapu yotsiriza ya pansi pa poto muisiye padera, ikagwira ntchito mu ndiwo. Timaso ta mafuta tikaoneka pamwamba, gonekanipo kapepala kopukutira m'khitchini n'kukachotsa msanga. Mchere mulawe pano, msuzi ukadali wotentha. Tsabola wogaya ndi zokometsera za ufa musathire tsopano, zidetsanso. Ngati mukufuna tsabola, aphwanyidwe pang'ono alowe poyamba limodzi ndi mazira. Pa malita 4 yembekezerani kutsala ndi pafupifupi malita 3, omwe ndi mbale 15 za mamililita 200. Muwerengere alendo anu lero lomwe.

Zikalakwika muziona motere. Mukaona tizidutswa toyera tikuvina mumsuzi monse, moto unakula ndipo choyandama chasweka. Chikasweka pang'ono, chepetsani moto ndipo mudikire, nthawi zambiri chimasonkhananso. Chikamwazikiratu, sefani, ziziritsani, muyambirenso ndi zoyera 4 kapena 5. Kachiwirika kukoma kumachepa, choncho mnofu pang'ono ulowenso. Ngati choyandama chili chathunthu koma msuzi ukadali wotuwa pang'ono, mazira anachepa kapena munaphula msanga. Supu ikamveka fungo la dzira lowiritsa, ndiye yakhalitsa pamoto waukulu.

Pali chimbuu china chimene dzira silingachotse bwino. Ngati munaphikiramo mbatatesi, ufa, mpunga kapena supu ya m'paketi, sitachi wake wamwazikira m'madzimo ndipo msuziwo sufika poyera ngati galasi, ndi bwino muupange supu yokhuthala basi. Ndipo ngati chimbuucho chabwera msuzi utakhalitsa panja, ukuchita thovu wokha kapena ukumveka kusasa, umenewo wavunda. Dzira likhoza kuuyeretsa m'maso koma silichotsa chimene chingadwalitse munthu. Wotero yekhayo ndiye mutaye.

Ulendo wina ntchito idzachepa mukayambira pa mitu ya chamboyo. Chotsani zofiira zija za m'mutu zimene nsomba imapumira, tsukani magazi a m'mphepete mwa msana, yambani ndi madzi ozizira, yengulani thovu loyamba lija, ndipo poto asabwadamuke, mphindi 30 zisapitirire. Supu ya mawayi muiyeretse lero madzulo, igone m'firiji yovundikira. Mukaipeza mmawa yagwirana ngati jele musadabwe, ndi jelatini wa m'mitu ija, isungunuka ikangomva moto. Muitenthetse modekha alendo atatsala pang'ono kukhala patebulo, ifike potentha kwambiri koma osaisiya ikubwata, ndipo mbale zothiramo zikhale zofunditsa kale.